Lipoti Likamachedwa Kutuluka, Yambani Mwawerenga Pulani

Ambiri a ife tinaimapo pamzere kubanki, kuchipatala kapena polipirira madzi, n'kumva wa pakauntala akuti, "Pepani, sisitimu ikuchedwa." Nthawi zina vuto limakhaladi la netiweki kapena la magetsi. Koma pali nthawi zinanso pamene netiweki ili bwinobwino, magetsi akuyaka, seva ndi yamphamvu, koma lipoti lomwe dzulo linkatuluka m'sekondi imodzi lero likudya mphindi zisanu ndi zitatu. Zikatero, kawirikawiri chimene chasokonekera ndi njira imene pulogalamu yosunga deta yasankha poyankha funso limene yafunsidwa. Njira imeneyi si yobisika ayi. Imalembedwa, ndipo munthu atha kuipempha n'kuiwerenga.

Mabungwe amasunga zolemba zawo mu detabesi. M'detabesimo zinthu zimaikidwa m'matebulo, tebulo lililonse lili ndi mizere ndi makolamu. Tebulo la malipiro, mwachitsanzo, limakhala ndi mzere umodzi pa malipiro aliwonse amene munthu wapereka, ndipo makolamu ake amanena kuti walipira ndani, ndalama zingati, tsiku liti, mwa njira yanji. Wofuna kudziwa kanthu amalemba funso m'chiyankhulo cha SQL. Chiyankhulochi chili ndi khalidwe lake: wolemba amangonena chimene akufuna, sanena mmene chipezekere. Zoti kompyuta iyambire tebulo liti, iwerenge mizere yonse kapena idumphe ina, ilumikize bwanji matebulo awiri, zonsezo imasankha yokha. Ndondomeko imene yasankhayo ndiyo pulani.

Kasankhidwe kameneka ndi kakale. Mu 1979, Patricia Selinger ndi anzake a ku kampani ya IBM anafotokoza njira imene pulogalamu yawo ya System R inkatsata: kuganizira njira zingapo zoyankhira funso limodzi, kuyerekeza mtengo wa iliyonse, n'kutenga yotsika mtengo. Mapulogalamu akuluakulu a masiku ano amatsatabe maganizo omwewo. M'nkhani ino tigwiritsa ntchito PostgreSQL, pulogalamu yaulere imene inayambira pa yunivesite ya California ku Berkeley mu 1986 motsogozedwa ndi Michael Stonebraker. Ndi yomweyi imene imasunga deta ya DHIS2, sisitimu imene Unduna wa Zaumoyo kuno ku Malawi umagwiritsa ntchito posonkhanitsa malipoti a zipatala. Mapulogalamu ena monga MySQL, Oracle ndi SQL Server ali ndi mapulani awonso, kungoti kalembedwe kake n'kosiyana.

Mfundo yofunika kuigwira kuyambira pano ndi yakuti pulani imakonzedwa funso lisanayankhidwe. Pokonza, kompyuta siwerenga tebulo lonse kuti idziwe zimene zilimo. Imangoyerekeza. Ikayerekeza bwino, imasankha njira yabwino. Ikayerekeza molakwika, imasankha njira yoipa, n'kuitsata mokhulupirika mpaka kumapeto.

Funso loyamba: kuwerenga mizere 2,000,000 pofuna 18

Tipange chitsanzo chathu. Tinene kuti kampani ina ili ndi makasitomala 100,000, ndipo tebulo lake la malipiro lili ndi mizere 2,000,000. Kasitomala wafika pakauntala kudzaona mbiri ya malipiro ake. Kuti tione pulani, timangoika mawu awiri kutsogolo kwa funsolo:

```
EXPLAIN ANALYZE
SELECT * FROM malipiro WHERE kasitomala = 40217;
```

Liwu lakuti EXPLAIN palokha limaonetsa pulani ndi zoyerekeza zake, funsolo osaliyendetsa. Tikawonjezera ANALYZE, funso limayendetsedwadi, ndipo pambali pa zoyerekeza pamalembedwa zimene zachitika zenizeni. Yankho lake limaoneka chonchi (ndachotsamo mizere ingapo yosafunika pano):

```
Seq Scan on malipiro
  (cost=0.00..45000.00 rows=20 width=52)
  (actual time=3.112..410.530 rows=18 loops=1)
  Filter: (kasitomala = 40217)
  Rows Removed by Filter: 1999982
Execution Time: 410.602 ms
```

Seq Scan akutanthauza kuti kompyuta yawerenga tebulo lonse motsatizana, kuyambira mzere woyamba mpaka wotsiriza. M'mabulaketi oyamba muli zimene inayerekeza isanayambe: inkayembekezera kupeza mizere 20, uliwonse wa mabayiti pafupifupi 52. M'mabulaketi achiwiri muli zimene zinachitikadi: mzere woyamba unapezeka patapita mamilisekondi atatu, ntchito yonse inatha pa mamilisekondi 410, ndipo mizere inapezeka 18. Kuyerekeza 20 n'kupeza 18 ndi kuyerekeza kwabwino zedi. Apa kompyuta sinasocheretsedwe.

Anthu ambiri amalakwitsa pa nambala ya cost, poganiza kuti ndi nthawi. Si nthawi ayi, ndi muyeso wongoyerekezera njira ina ndi inzake, ndipo munthu atha kuuwerengetsa ndi pensulo. PostgreSQL imasunga mizere m'masamba a makilobayiti 8. Ngati simunasinthe kalikonse, kuwerenga tsamba limodzi motsatizana kumapatsidwa mtengo wa 1, kugwira mzere umodzi ndi 0.01, ndipo kuyesa mzerewo ngati ukugwirizana ndi zimene tafunsa ndi 0.0025. Tebulo lathu tinene kuti lili ndi masamba 20,000. Masambawo atipatsa 20,000. Kugwira mizere 2,000,000 kutipatsanso 20,000, ndipo kuiyesa kutipatsa 5,000. Zonse pamodzi ndi 45,000, nambala yomwe ija yalembedwa m'pulani. Ndiye musamafunse kuti 45,000 ndi masekondi angati. Funso loyenera ndi lakuti kodi panalibe njira ina yotsika kuposa pamenepa.

Mzere umene ukuulula vuto ndi wa Rows Removed by Filter. Kompyuta yanyamula mizere 1,999,982, yaiyang'ana, n'kuitaya, kuti itsale ndi 18. Theka la sekondi silioneka lalikulu, koma makalaliki makumi atatu akamafunsa funso lomweli tsiku lonse, seva imathera mphamvu zake pa kutaya mizere.

Mankhwala ake ndi indekisi. Amene anatsegulapo buku la nyimbo za kutchalitchi akudziwa mlozo umene umandandalika mizere yoyamba ya nyimbo motsata alifabeti, n'kukuuzani nambala yake. Popanda mlozowo mukanatsegula tsamba ndi tsamba mpaka mpingo utamaliza vesi lachiwiri. Indekisi imagwira ntchito yomweyo: imasunga manambala a makasitomala m'dongosolo, nambala iliyonse ikuloza malo amene mizere yake ili.

```
CREATE INDEX CONCURRENTLY ON malipiro (kasitomala);
```

Liwu lakuti CONCURRENTLY n'lofunika pa sisitimu imene anthu akugwiritsa ntchito, chifukwa popanda ilo aliyense wofuna kulemba malipiro atsopano amadikira mpaka indekisi ithe kumangidwa. Tikafunsanso funso lija, m'pulani mulembedwa Index Scan kapena Bitmap Heap Scan m'malo mwa Seq Scan, mtengo utsika kufika pansi pa 100, mzere wa mizere yotayidwa uja usowa, ndipo nthawi itha kutsika kufika pansi pa milisekondi imodzi.

Ili ndi vuto losavuta, ndipo aliyense amene wawerengapo mapulani awiri kapena atatu amalizindikira msanga. Choopsa chake n'chakuti limaphunzitsa anthu chizolowezi choipa: akangoona Seq Scan amathamangira kumanga indekisi. Funso lathu lachiwiri lionetsa chifukwa chake chizolowezi chimenechi chimasocheretsa.

Funso lachiwiri: mphindi zisanu ndi zitatu

Kampani ija inkalandira ndalama m'njira ziwiri, pamanja ndi kudzera kubanki. Tsopano yayamba kulandiranso pafoni, ndipo usiku wina a zamakompyuta alowetsa m'tebulo la malipiro mizere 150,000 ya malipiro a pafoni, yonse kamodzi. M'mawa wowerengera ndalama akufuna kufananiza malipiro amenewa ndi sitetimenti ya mizere 20,000 imene ili m'tebulo lina, potengera nambala ya risiti.

```
EXPLAIN ANALYZE
SELECT * FROM malipiro m
JOIN sitetimenti s ON s.risiti = m.risiti
WHERE m.njira = 'foni';
```

Pulani yabwera motere:

```
Nested Loop
  (cost=0.00..48975.00 rows=1 width=76)
  (actual time=402.6..468210.3 rows=19400 loops=1)
  Join Filter: (m.risiti = s.risiti)
  Rows Removed by Join Filter: 2999980600
  -> Seq Scan on malipiro m
       (cost=0.00..48375.00 rows=1 width=52)
       (actual time=395.2..640.8 rows=150000 loops=1)
       Filter: (njira = 'foni'::text)
       Rows Removed by Filter: 2000000
  -> Seq Scan on sitetimenti s
       (cost=0.00..350.00 rows=20000 width=24)
       (actual time=0.004..1.500 rows=20000 loops=150000)
Execution Time: 468215.0 ms
```

Mamilisekondi 468,215 ndi mphindi 7 ndi masekondi 48. Tiyeni tipeze kumene nthawi imeneyi yapita.

Pulani yokhala ndi masitepe angapo siiwerengedwa kuchokera pamwamba kutsika pansi ngati kalata. Masitepe amene alowa mkati, okhala ndi kamuvi kutsogolo, ndi amene amatenga mizere m'matebulo n'kuipereka kwa sitepe ya pamwamba pawo. Choncho timayambira mkati, n'kumatuluka. Komanso nthawi yolembedwa pa sitepe ya pamwamba imaphatikiza nthawi ya masitepe a pansi pake, kotero kuti mzere woyamba wa pulani nthawi zonse umakhala ndi nambala yaikulu, ngakhale utakhala wosalakwa.

Maso a munthu wachizolowezi chija agwera pa Seq Scan on malipiro. Mtengo wake ndi 48,375, pafupifupi mtengo wonse wa pulaniyi, ndipo yataya mizere 2,000,000. Koma taonani nthawi yake yeniyeni: mamilisekondi 640, osakwana ndi sekondi imodzi yomwe. Mutaifulumizitsa chotani, pa mphindi pafupifupi zisanu ndi zitatu zija mungochotsapo kachidutswa kosaoneka.

Sitepe yachiwiri, ya sitetimenti, ikuoneka yosalakwa kotheratu. Mtengo wake ndi 350 basi, nthawi yake milisekondi imodzi ndi theka. Msampha uli kumapeto kwa mzerewo, pamene palembedwa loops=150000. Sitepe ikabwerezedwa, PostgreSQL siilemba nthawi yonse pamodzi. Imalemba avereji ya ulendo umodzi, ndipo chimodzimodzinso ndi chiwerengero cha mizere. Kuchulukitsa ndi ntchito ya wowerenga. Milisekondi 1.5 kuchulukitsa ka 150,000 ndi mamilisekondi 225,000, kutanthauza mphindi 3 ndi masekondi 45. Tebulo laling'ono lija lawerengedwa lonse, kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto, maulendo 150,000. M'maganizo anga, palibe nambala ina m'pulani imene anthu amaidumpha kawirikawiri ngati imeneyi, mwina chifukwa imakhala kumapeto kwenikweni kwa mzere, kumene maso amafika atatopa.

Nanga mphindi zinayi zotsalazo? Zathera pa sitepe ya pamwamba. Nested Loop imagwira ntchito motere: imatenga mzere umodzi wa sitepe yoyamba, n'kuufananiza ndi mizere yonse ya sitepe yachiwiri, kenako n'kutenga mzere wotsatira, n'kubwerezanso. Mizere 150,000 kuifananiza ndi mizere 20,000 ndi kufananiza kokwana 3,000,000,000. Mwa kufananiza konseko, kumene kunagwirizana ndi 19,400 kokha. Nambala yaitali ija ya Rows Removed by Join Filter ndiyo ntchito yopita pachabe.

Tapeza kumene nthawi yapita, koma sitinapeze chifukwa. Kodi pulogalamu yanzeru chonchi inasankhiranji njira yotere? Yankho lili pa sitepe ija tinaimasula kuti ilibe mlandu wa nthawi. Yang'anani manambala awiri a rows pa Seq Scan on malipiro. M'mabulaketi oyerekeza mwalembedwa rows=1. M'mabulaketi a zenizeni mwalembedwa rows=150000. Kompyuta inkakhulupirira kuti m'tebulo lonse muli malipiro a pafoni amodzi okha. Zikanakhaladi choncho, Nested Loop inali njira yabwino kwambiri: tenga mzere umodziwo, werenga sitetimenti kamodzi, wamaliza. Pulaniyo inali yolondola pa tebulo limene kompyuta inkaliganizira, osati pa tebulo limene linalipodi.

Apa ndiye pagona luso lonse la kuwerenga pulani. Pa sitepe iliyonse, kuyambira mkati, fananizani mizere yoyerekeza ndi mizere yeniyeni. Kusiyana kwa kawiri kapena katatu sikudetsa nkhawa kwenikweni. Koma pamene kusiyana kwafika ka 100 kapena ka 1,000, imani pomwepo, makamaka pa sitepe ya mkati kwambiri imene kusiyanako kwayambira. Masitepe onse a pamwamba pake anakonzedwa potengera nambala yolakwikayo, ndiye kulimbana nawo n'kutaya nthawi.

Kumene kuyerekeza kumachokera

PostgreSQL imasunga kaundula wachidule wa zimene zili m'tebulo lililonse: muli mizere ingati, kolamu iliyonse ili ndi zinthu zosiyana zingati, ndi ziti zimene zimapezeka kawirikawiri, komanso zimapezeka pa mlingo wotani. Kaundulayu amapangidwa ndi lamulo la ANALYZE, limene siliwerenga mizere yonse koma limatapa zitsanzo, mizere 30,000 ngati simunasinthe kalikonse. Dziwani kuti lamulo limeneli ndi losiyana ndi ANALYZE wotsatira EXPLAIN uja, ngakhale liwu lake ndi limodzi. Wina amayeza funso, winayu amakonza kaundula.

Nthawi yotsiriza imene kaundula wa malipiro anakonzedwa, m'kolamu ya njira munali mawu awiri okha, a pamanja ndi a kubanki, ndipo awiriwo ankadzaza mizere yonse. Itafunsidwa za foni, kompyuta inaona kuti palibe malo otsala a njira yachitatu. Siilemba ziro poyerekeza, ndiye inalemba nambala yotsikitsitsa imene imalola, yomwe ndi 1. Chifukwa cha ichi, rows=1 m'mabulaketi oyerekeza ndi nambala yoyenera kuikayikira nthawi zonse pamene simukufunafuna chinthu chimene mukudziwa kuti chilipo chimodzi chokha.

Wina afunsa kuti, kodi kaundulayu sadzikonza yekha? Amadzikonza. Pali kapulogalamu ka autovacuum kamene kamayenda chamseri n'kumayendetsa ANALYZE pa matebulo amene asintha. Koma kali ndi malire ake: kamadikira kuti mizere yosintha ipitirire 50 kuphatikiza gawo limodzi mwa magawo khumi a tebulolo. Pa tebulo la mizere 2,000,000, malirewo ndi 200,050. Mizere 150,000 ya usiku ija sinafikepo. Kwa autovacuum, tebulo linali lisanasinthe mokwanira. Tebulo likamakula, malirewa amakulanso, ndiye matebulo aakulu ndi amene amakhalitsa ndi kaundula wakale. Mutha kuona tsiku limene kaundula anakonzedwa komaliza poyang'ana makolamu a last_analyze ndi last_autoanalyze mu pg_stat_user_tables.

Kukonza kwake ndi mzere umodzi, ndipo pa tebulo la msinkhu uwu kumangotenga masekondi:

```
ANALYZE malipiro;
```

Tikayendetsanso funso lija, osasintha ngakhale chilembo chimodzi, pulani ibwera ina. Tsopano kompyuta ikuyembekezera mizere pafupifupi 150,000 ya foni, ndipo yaona kuti Nested Loop ingadule koopsa. Isankha Hash Join. Njira imeneyi imawerenga tebulo laling'ono kamodzi kokha, n'kuliika m'memori mwa dongosolo lakuti nambala ya risiti iliyonse ipezeke mwachindunji. Kenako imadutsa m'mizere 150,000 ija kamodzi, uliwonse n'kuuyang'ana m'memorimo. Kufananiza mabiliyoni atatu kuja kwasanduka kuyang'ana 150,000. Masitepe onse alembedwa loops=1, ndipo funso lonse litha m'nthawi yosakwana sekondi.

Chimene chingakudabwitseni n'chakuti m'pulani yatsopanoyi Seq Scan ziwiri zija zikadalimo, ndipo mtengo wake wolembedwa ndi wokwera kuposa 48,975 wa pulani yoipa ija. Palibe chodabwitsa. Mtengo wakale uja unawerengetsedwa potengera mzere umodzi wongoganizira. Mtengo watsopanowu wawerengetsedwa potengera zoona.

Kaundula wakale si chifukwa chokhacho chimene kuyerekeza kumaphonyera. China chofala ndi makolamu amene amayendera limodzi. Mukafunsa makasitomala a m'boma la Lilongwe amenenso ali m'dera la Kawale, kompyuta imatenga zinthu ziwirizi ngati zosakhudzana, n'kuchulukitsa magawo ake. Ngati a ku Lilongwe ndi 30 pa 100 alionse ndipo a ku Kawale ndi 4 pa 100, iyerekeza mizere 1,200 mwa makasitomala 100,000 aja. Koma wa ku Kawale aliyense ndi wa ku Lilongwe kale, ndiye yankho lenileni ndi 4,000. Mukawonjezera kolamu yachitatu ndi yachinayi zamtundu womwewu, kuphonyako kumakulirakulira. ANALYZE payekha sathetsa zimenezi. Kuyambira mu PostgreSQL 10, imene inatuluka mu 2017, pali lamulo la CREATE STATISTICS louza kompyuta kuti makolamu akutiakuti iziwawerengera pamodzi.

Pamene indekisi ilipo koma sikugwiritsidwa ntchito

Madandaulo ena ofala ndi akuti, "Indekisi ndinamanga, koma pulani ikulembabe Seq Scan." Nthawi zambiri kompyuta imakhala ikulondola. Indekisi imatumiza kompyuta kumasamba omwazikana, ndipo kulumpha kupita kutsamba lakutali kumapatsidwa mtengo wa 4 pamene kuwerenga motsatizana kuli pa 1. Ngati funso likufuna gawo lalikulu la tebulo, monga malipiro onse a kubanki, kuwerenga tebulo lonse kamodzi kumatsika mtengo kuposa kulumphalumpha. Nambala ya 4 imeneyi inaikidwa poganizira madisiki ozungulira akale, ndipo amene ali ndi madisiki a SSD kawirikawiri amaitsitsa kudzera mu random_page_cost.

Nthawi zina wolakwa ndi wolemba funso. Indekisi yomangidwa pa kolamu ya dzina siingathandize funso lolembedwa kuti lower(dzina) = 'banda', chifukwa chimene chinaikidwa m'dongosolo ndi mayina monga analembedwera, osati mayina osandutsidwa zilembo zing'onozing'ono. M'pulani mudzazindikira zimenezi poona kuti chimene mukufunacho chalembedwa pa Filter m'malo mwa Index Cond. Kukonza kwake ndi kusintha funso kapena kumanga indekisi pa lower(dzina) yemweyo. Ndipo musaiwale kuti indekisi iliyonse ili ndi mtengo wake: imadya malo, komanso mzere watsopano uliwonse uyenera kulembedwa m'maindekisi onse a tebulolo.

Zoyenera kusamala

Popeza EXPLAIN ANALYZE imayendetsadi funso, kuiika kutsogolo kwa DELETE kumafufutadi mizere, ndipo kutsogolo kwa UPDATE kumasinthadi. Wofuna kuyeza lamulo lotere ayambe ndi BEGIN, ayeze, kenako alembe ROLLBACK kuti zonse zibwerere mmene zinalili. Pa funso limene limatha maola, yambani ndi EXPLAIN yokha; ngakhale popanda nthawi zenizeni, rows=1 pa chinthu chimene inu mukudziwa kuti chilipo chambirimbiri wakuuzani kale zambiri.

Funso limodzi lomwelo litha kuchedwa ulendo woyamba n'kufulumira ulendo wachiwiri, pulani osasintha, chifukwa masamba amene poyamba anachokera padisiki tsopano ali kale m'memori. Ambiri amanyengeka apa, n'kuganiza kuti zimene asintha zathandiza. Kulemba EXPLAIN (ANALYZE, BUFFERS) kumaonetsa masamba amene sitepe iliyonse yagwira: shared hit ndi amene anapezeka m'memori ya PostgreSQL, read ndi amene anachita kukatengedwa kunja kwake. Chiwerengero cha masamba ndi mboni yodalirika kuposa wotchi, chifukwa sichidalira kuti seva yatanganidwa bwanji ola limenelo. Mu PostgreSQL 18 manambalawa amabwera okha osawapempha.

Yang'ananinso liwu lakuti Disk. Sitepe yosanja mizere ikalembedwa Sort Method: external merge Disk, ndiye kuti mizereyo sinakwane m'memori imene sitepeyo inaloledwa, ndipo ina inakalembedwa padisiki. Malire amenewa ndi work_mem, amene amayambira pa mamegabayiti 4. Kuwakweza pa lipoti limodzi lalikulu n'kwanzeru. Kuwakweza kwambiri pa seva yonse n'koopsa, chifukwa sitepe iliyonse yosanja, m'funso lililonse la munthu aliyense, imaloledwa kutenga memori yochuluka choncho.

Pulani ilinso ndi zimene siionetsa. Nthawi yotumiza mizere pa netiweki kupita kukompyuta ya kalaliki siilowa mu Execution Time. Ngati pulani ikunena mamilisekondi 5 koma munthu akudikira masekondi 20, vuto lili kwina: mwina pa netiweki, mwina pulogalamu ikutumiza timafunso ting'onoting'ono masauzande m'malo mwa funso limodzi, mwinanso funsolo likudikira wina amene watseka tebulo, zimene zimaoneka mu pg_stat_activity. Komanso pulani yotengedwa pa kompyuta yoyeserera yokhala ndi mizere 500 siinena kanthu za seva yeniyeni yokhala ndi mizere 2,000,000, popeza kasankhidwe konse kamadalira kuchuluka kwa mizere. Pa seva yeniyeni muthanso kuona masitepe a Gather ndi Parallel Seq Scan, amene ndawasiya m'zitsanzo zathu. Amenewa akutanthauza kuti ntchito yagawidwa kwa mapurosesa angapo, ndipo lamulo lochulukitsa mizere ndi loops likugwirabe.

Kwa inu amene mumasaina ndalama zogulira makina, chitsanzo chachiwiri chija chili ndi masamu ake. Seva yatsopano yothamanga kawiri ikanatsitsa mphindi 7 ndi masekondi 48 kufika pafupifupi mphindi zinayi, pamene lamulo laulere la mzere umodzi lazitsitsa kufika pansi pa sekondi. Wina akabwera ndi pempho la seva yatsopano chifukwa lipoti likuchedwa, mupempheni abweretse kaye pulani ya lipotilo, akuonetseni sitepe imene ikudya nthawi ndi manambala awiri a rows a sitepeyo. Ndipo inu amene mumalowetsa mizere yambiri usiku, lembani ANALYZE kumapeto kwa ndondomeko yanu yolowetsera, kuti kaundula akhale atakonzedwa wowerengera ndalama asanafike m'mawa.